Thanki ya kompuresa: chitsulo chake chikhale chokhuthala bwanji?

Kwa inu amisiri okonza matayala, owotcherera ndi opopera penti mu boma la Chongwe.

Pa msewu waukulu wochoka ku Lusaka kupita ku Chipata, galimoto ikaphwa tayala, dalaivala amamvetsera kumene kukulira kompuresa. Makina amenewa ali ndi zigawo ziwiri. Pamwamba pali mota ndi pampu, pansi pali thanki yosungiramo mpweya. Ambiri pogula amafunsa za mota, mwina chifukwa ndi imene imachita phokoso, koma chigawo chimene chingaphe munthu ndi thanki. Kapepala kano kakufotokoza mmene thanki imanyamulira mpweya, ndi mmene mungadziwire ngati chitsulo chake chili chokwanira.

Katundu amene ali m'kati

Geji ya kompuresa imalembedwa bar kapena psi. Tayala la galimoto yaing'ono limafuna 2 bar kapena kupitirira pang'ono, la lole limafuna 7 kapena 8 bar, ndipo makompuresa ambiri a m'magalaji amadzizimitsa pakati pa 8 ndi 10 bar. Pa geji ya psi, 10 bar ndi pafupifupi 145.

Kodi 10 bar ndi chiyani kwenikweni? Jambulani kabokosi pa khoma la thanki, sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, kochepa ngati chikhadabo. Pa kabokosi kameneko mpweya ukukankha ngati kuti mwaikapo makilogalamu 10. Zikumveka zazing'ono mpaka mutawerenga kuti timabokosi totero tilipo tingati.

Tiyeni titenge thanki imodzi ndipo tikhale nayo mpaka kumapeto. Ndi yaitali mita imodzi, kukula kwa mimba yake m'kati ndi mamilimita 400, ndipo imalowa malita pafupifupi 125. M'maganizo mwanu muiduleni pakati m'litali, monga mmene timang'ambira nsungwi, kuti pakhale zibenthu ziwiri. Mpweya ukufuna kulekanitsa zibenthuzo. Malo amene ukukankhapo ndi masentimita 100 kuchulukitsa ndi 40, omwe ndi timabokosi 4,000. Kalikonse kali ndi makilogalamu 10. Zonse pamodzi ndi matani 40, kuposa katundu wa lole yaikulu yodzaza chimanga.

Nanga chikugwira zibenthuzo n'chiyani? Timizere tiwiri tokha ta chitsulo, kamodzi mbali ino, kena mbali inayo, pamene mpeni wadutsa paja. Ngati chitsulo ndi cha mamilimita 5, timizere tiwiriti ndi 2 × 1,000 × 5, kutanthauza timabokosi 10,000 ta milimita imodzi. Tikagawana matani 40 aja, kalikonse katenga makilogalamu 4, omwe akatswiri amalemba kuti 40 N/mm². Uku ndiye kukokeka kozungulira, chifukwa chitsulo chimakokeka mozungulira mimba ya thanki, ngati lamba wa munthu amene wakhuta nsima. M'mabuku mudzakupeza kotere:

σ = P × D ÷ (2 × t)

P ndi mphamvu ya mpweya, ndipo 10 bar timailemba 1. D ndi kukula kwa mimba m'mamilimita, t ndi kukhuthala kwa chitsulo. Samu imeneyi imagwira pa thanki ya khoma lopyapyala, limene kukhuthala kwake sikupitirira gawo limodzi la magawo 20 a mimba. Matanki onse a m'magalaji ali m'gulu limeneli.

Taonani chinthu chimodzi: utali wa thanki mulibe m'samuyi. Mukaitalikitsa, mpweya wokankha umachuluka, koma chitsulo chogwira chimachulukanso chimodzimodzi. Mukaikulitsa mimba, katundu amachuluka koma timizere tija timakhalabe tiwiri. Choncho thanki ya mimba ya 800 imafuna chitsulo chokhuthala kawiri kuposa ya 400, pamene thanki yaitali mamita awiri imakwanira ndi chitsulo chomwecho cha yaifupi. Amene akufuna mpweya wambiri asankhe yaitali.

Palinso kukokeka kwina, kwa m'litali, kumene kumafuna kuzula zivundikiro za kumapeto. Kumeneku ndi theka chabe la kozungulira. N'chifukwa chake soseji pamoto imang'ambika m'litali, ndipo payipi ya madzi ikaphulika, mng'alu umatsata utali wake. Pa thanki, msoko wa m'litali ndi umene umanyamula katundu wolemera kawiri kuposa msoko wozungulira, ndiye pogula yambani mwayang'ana umenewo.

Kupeza kukhuthala koyenera

Tsopano titembenuze samu ija kuti itiuze t. Pakufunika manambala anayi, ndipo mimba taidziwa kale, 400.

Mphamvu ya mpweya sitiwerengera pamene kompuresa imadzizimitsira, koma pamene valavu yotetezera imatsegukira, chifukwa tsiku limene switchi idzakanika, mpweya udzakwera mpaka pamenepo. Pa thanki yathu tinene kuti ndi 11 bar, ndiye P ndi 1.1.

Chitsulo wamba cha mapuleti chimayamba kutamuka osabwerera pa 240 N/mm² kapena pafupi pamenepo, ndipo chimaduka cha m'ma 400. Palibe katswiri amene amalola thanki kufika kumeneko. Amatenga 400 uja n'kugawa ndi 3.5 kapena 4. Ife tigawa ndi 4, ndipo tipeza 100. Malo otsalawo si chitsulo chotayika. Thanki imafufuma ndi kuphwa kambirimbiri pa tsiku, imanjenjemera ndi mota, ndipo palibe puleti lopanda chilema.

Nambala yomaliza ndi ya msoko. Malamulo a bungwe la akatswiri a makina la ku Amereka, ASME, amene amatsatidwa m'maiko ambiri, amati msoko wowotcherera mbali zonse ziwiri koma wosaunikidwa ndi ekiselei uwerengedwe kuti uli ndi mphamvu 0.7 ya puleti lenileni. Wowotcherera angakhale waluso chotani, m'kati mwa msoko mmene simunaunikidwe simungadaliridwe kotheratu. Choncho 100 uja amatsika kufika pa 70.

t = 1.1 × 400 ÷ (2 × 100 × 0.7) = 440 ÷ 140 = 3.14

Mamilimita 3.14 ndiwo malire amene thanki siyenera kutsikapo moyo wake wonse. Pamwamba pake timawonjezera chakudya cha dzimbiri, tinene 1.5, ndipo tifika pa 4.64. Puleti lotere kulibe m'sitolo, ndiye titenga lotsatira kumtunda, la mamilimita 5. Osatsikira ku la 4 poti ndi lotchipa.

Mwina mudzaona thanki ya ku fakitale ya mimba yomweyi koma ya chitsulo chopyapyala kuposa apa. Si kuti akubera. Iwo amagwiritsa ntchito chitsulo chimene mphamvu yake ndi yotsimikizika, amawotcherera ndi makina, ndipo amayesa thanki isanatuluke. Puleti logula kwa ogulitsa zitsulo zakale silidziwika kumene lachokera, choncho silingapatsidwe ulemu umenewo. Ndinenenso mosabisa kuti samu iyi ndi yoti muziyesera nayo thanki imene akukugulitsani. Si chilolezo chopangira thanki kuseri kwa shopu, chifukwa zivundikiro, mabowo a mapayipi ndi miyendo zili ndi masamu akeake.

Za zivundikiro, onani kuti n'zokhotera kunja ngati mbale. Pa chivundikiro chimodzi cha thanki yathu mpweya umakankha ndi matani opitirira 12. Chokhota chimagawa katunduyo bwino. Puleti lafulati lowotcherera kumapeto limapindika pakati n'kumang'amba msoko wa m'mphepete, ndipo kuti lipirire liyenera kukhala lokhuthala kangapo kuposa khoma.

Yesaninso mgolo wa mafuta wa malita 210, poti ena amauganizira. Mimba yake ndi pafupifupi 570, chitsulo chake pafupifupi milimita imodzi. Pa 10 bar samu ikupereka 285, kupitirira pamene chitsulo chimayamba kutamuka, ndipo chivundikiro chake chafulati chingachoke kalekale musanafike pamenepo. Silinda ya gasi yakale ndi yolimba, inde, koma gasi wotsalira m'kati amaphulika mukangoyandikiza moto wowotcherera.

Dzimbiri limadya kuchokera m'kati

Mpweya uli ndi chinyezi. Ukapanikizidwa n'kuzizira m'thanki, chinyezicho chimasanduka madzi, ndipo amadikha pansi. M'nyengo ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, madziwo amachuluka. Kunja penti ikhoza kuwala ngati yatsopano pamene pansi m'kati chitsulo chikufumbutuka.

Bwererani ku thanki yathu pa 11 bar. Ili yatsopano, ya mamilimita 5, kukokeka ndi 44. Dzimbiri likasiya mamilimita 3, ndi 73, ndipo yadutsa kale malire a msoko. Pa mamilimita 2 ndi 110. Pa milimita imodzi ndi 220, pakhomo penipeni pa kutamuka. Onani kuti milimita yoyamba kudyedwa imangowonjezera 11, koma yochoka pa 2 kufika pa 1 imawonjezera 110. Singano ya geji imaloza pomwepomwe masiku onsewa, chifukwa geji imayesa mpweya, siyesa chitsulo. Choipa china n'chakuti madzi amagona motsata utali wa thanki, ndiye dzimbiri limakumba ngalande m'njira yomweyo imene thanki imakonda kung'ambikira.

Pansi pa thanki pali kampopi. Muzikatsegula madzulo aliwonse mpweya utatsala pang'ono. Madzi oyera si vuto. Madzi ofiira okhala ndi timakoko ta dzimbiri ndi chitsulo chanu chikutuluka. Kampopi kakatsegulidwa koma osatuluka kanthu, nthawi zambiri katsekeka ndi matope a dzimbiri, si kuti m'kati ndi mouma. Valavu yotetezera nayo muziikoka mphete yake kawirikawiri kuti muone ngati ikutulutsa mpweya, ndipo ikayamba kudontha musaimange ndi waya kapena kuikapo bawuti.

Mukamva kamluzu pansi pa thanki, kapena mukaona thovu mutapakapo madzi a sopo, thanki yatha. Apa ndi pamene amisiri abwino amalakwira, chifukwa dzanja lawo linazolowera kukonza. Kabowo kamodziko kakutanthauza kuti chitsulo chonse chozungulira pamenepo chatsala ngati pepala. Mukamata chigamba, mwatseka pakamwa chenjezo lokhalo limene thanki inakupatsani, ndipo moto wa kuwotcherera wafooketsanso chotsalacho. Iboolereni bowo lalikulu kuti wina asadzaitole n'kuigwiritsanso ntchito.

Kukhuthala kotsala kumayesedwa ndi kachipangizo kamene amakagunditsa kunja kwa khoma, kamatumiza mafunde m'chitsulo n'kuonetsa mamilimita. Oyesa matanki ali nako, ndipo auzeni ayese pansi, malo angapo, chifukwa nambala yofunika ndi yochepetsetsa. Kuyesa mphamvu ya thanki kumachitika ndi madzi, osati mpweya. Amaidzaza madzi mpaka mpweya wonse utatuluka, kenako amapopa kufika pa 1.3 kapena 1.5 kuchulukitsa ndi mphamvu yake yovomerezeka. Madzi sapanikizika, ndiye thanki ikalephera imangong'aluka n'kutaya madzi. Mpweya ndi nkhani ina: m'malita 125 aja mwapanikizidwa mpweya wa malita pafupifupi 1,400, ndipo wonsewo umafuna malo ake nthawi imodzi, ukuponya zitsulo.

Lamulo la za mafakitale la dziko la Zambia, chaputala 441, limafuna kuti thanki ya mpweya ikhale ndi geji, valavu yotetezera ndi potulutsira madzi, ilembedwe mphamvu imene siyenera kupitirira, ndipo iziunikidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo. Pogula, kaya ku Lusaka kaya kwa mnzanu wa pamsika, funani kachitsulo kokhomedwa pa thanki kosonyeza amene anaipanga, chaka chake ndi mphamvu yake. Ngati kachitsuloko palibe, gulani mota ndi pampu zokha, thankiyo muisiye pomwepo.