Okala yanu ili ndi makalendala awiri

Wogulitsa mu okala ku Madisi, Mvera kapena Malomo amadyera m'matumba awiri: la aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo, lomwe limatupa mwezi ukamatha, ndi la alimi, lomwe limatupa fodya akayamba kugulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, soya ndi mtedza n'kutsatira. Musanakapikule katundu, dziwani thumba lomwe likukudyetsani mwezi umenewo.

Yambani ndi kope. Loweruka lililonse lembani kuchuluka kwa shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere zomwe zatuluka. Tinene kuti kope likuonetsa kuti masabata atatu wamba mumagulitsa mapaketi 10 a shuga pa sabata, koma sabata ya malipiro mumagulitsa 30. Pamwezi ndi mapaketi 60, kapena kuti mabelo atatu a mapaketi 20. Musagule onse tsiku limodzi. Awiri mukatenge ku Mponela cha pa 20, malipiro asanatuluke, ndipo otsala pa sabatayo akufikitsani kumayambiriro kwa mwezi wotsatira, pomwe mukatenge lachitatu. Wodikira kuti aphunzitsi alandire kaye amapeza shelefu ili mbee tsiku lomwe anthu ali ndi ndalama. Ndipo zomwe zalowa sabata imeneyo si phindu lonse ayi. Patulani kaye mpamba wa mabelo otsatira musanatapepo za ndiwo.

Malipiro amachedwa nthawi zina. Apa ngongole imachuluka, choncho aliyense muikireni malire, ndipo amene sanabweze ya mwezi watha asatsegule tsamba latsopano, ngakhale akhale alamu anu.

Khirisimasi imanyenga. Mpunga, zakumwa ndi ufa wa mandasi zimayenda masiku ochepa chabe, kenako Januwale ndi Febuluwale n'kubwera ndi njala yake. Zotsala zimagona pa shelefu, mpunga n'kufumbwa, mpamba uli momwemo. Kuli bwino zithe pa 1 Januwale, ndalamayo ipite ku makope ndi zolembera za ana asukulu. M'miyezi yowumayi anthu sagula botolo la mafuta, amagula oyeza. Shuga ndi mchere mangani m'timapepala. Onjezani makandulo ndi machesi mvula isanawononge misewu ya kumapiri, pakuti matope akachuluka akabaza amakweza mtengo. Nyengo ya maukwati ndi ziliza, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, funsani kwa anyakwawa masiku a zochitikazo kuti shuga ndi mafuta zikhalepo.

Wothandiza wa mwezi wonse okala yaing'ono singamukwanitse. Panganani naye masiku: tsiku la msika, masiku asanu a malipiro, ndi sabata ya Khirisimasi. Za Disembala mumuuziretu mu Novembala, chifukwa nthawi imeneyo aliyense amakhala ali kumunda kupalira. Iye azipereka katundu, ndalama azilandira munthu mmodzi, ndipo madzulo muwerengere limodzi zotsala musanakhome loko.