Sitima Ziwiri za Injini Zikamadutsana Njira: Wopatuka Ndani?

Panyanja palibe mizere yapamsewu, koma lamulo lilipo. Malamulo opewera kugundana kwa sitima, omwe amalinyero amangowatchula kuti COLREG, adavomerezedwa mu 1972 pansi pa bungwe lomwe lero limatchedwa IMO, ndipo adayamba kugwira ntchito pa 15 Julayi 1977. Lamulo 15 ndi lalifupi. Sitima ziwiri za injini zikamadutsana njira mwakuti zingagundane, yomwe ikuona inzake kudzanja lake lamanja ndiyo iyenera kupatuka, ndipo ngati n'kotheka isadutse kutsogolo kwa inzakeyo. Kuloweza lamuloli n'kwapafupi. Chovuta ndi kuzindikira msanga kuti nthawi yake yakwana, ndi kupatuka mwakuti mnzanuyo aone kuti mwapatukadi.

Tiyerekeze kuti muli pa ulonda usiku, kunja kwa doko la Nacala, pamadzi otakasuka. Sitima yanu yaloza kumpoto, pa 000 pakampasi, ikuthamanga mamailosi 12 apanyanja pa ola (mailosi yapanyanja ndi mamita 1,852). Chakutsogolo kumanja mwaona nyali.

Choyamba ŵerengani nyalizo. Sitima ya injini yomwe ili paulendo imayatsa nyali yoyera pamlongoti, ndipo ikakhala yotalika mamita 50 kapena kuposa imayatsa ziwiri, yakumbuyo yokwererapo kuposa yakutsogolo. M'mbali ili ndi yobiriwira kumanja ndi yofiira kumanzere. Pa sitima zazikuluzi zoyera zija zimayenera kuoneka pa mamailosi 6, pomwe zam'mbali ndi pa mamailosi 3, choncho musadikire mtundu. Mukaona zoyera ziwiri, yotsikirapo ili kumanzere kwa yokwererapo, dziwani kuti mphuno ya sitimayo yaloza kumanzere kwanu, ikubwera kudzadula njira yanu. Ikayandikira mudzaona yofiira. Apa zili ngati pamaloboti: woona yofiira kumanja kwake ndiye wopatuka.

Chachiwiri, tsimikizani ngati ngozi ilipodi. Izi siziyezedwa ndi maso chabe. Yezani pakampasi komwe sitimayo ili, mulembe, mubwereze pakapita mphindi zitatu, kenako mubwerezenso. Nthawi ya 02:00 ili pa 045, rada ikuonetsa mtunda wa mamailosi 6. Pa 02:03 ikadali pa 045, mtunda watsika kufika 5.2. Pa 02:06 ndi 045 yomweyo, mtunda 4.3. Nambala yapakampasi ikapanda kusuntha mtunda ukuchepa, ndiye kuti nonse mukuthamangira malo amodzi panthawi imodzi, ndipo Lamulo 7 likuti muone kuti ngozi ilipo. M'mphindi 6 mtunda wachepa ndi mamailosi 1.7, kutanthauza kuti mukuyandikirana pa liwiro la mamailosi 17 pa ola. Mwatsala ndi mphindi ngati 15.

Ena amayeza poyang'ana nyali ija ndi chitsulo chapawindo. Njirayi imanamiza, chifukwa mphuno ya sitima imagwedezeka ndi mafunde, ndiye nyali imaoneka ngati ikusuntha pomwe pakampasi ili pomwepo. Dziwaninso kuti nambala ikhoza kusintha ngozi ikadalipo, makamaka ngati sitimayo ndi yaitali kwambiri, ikukoka inzake, kapena mwayandikana kale. Mukakayika, tengani kuti ngozi ilipo.

Chachitatu, patukani msanga ndiponso mokwanira. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa. Woyendetsa sitima safuna kutaya nthawi ndi mafuta, ndiye amangokhotetsa madigiri 10 kumanja, n'kumadzitonthoza kuti wachitapo kanthu. Pa nkhani yathuyi, madigiri 10 pa 02:06 akudutsitsani motalikana osakwana theka la mailosi. Choipa kwambiri n'chakuti mnzanu uja sangaone kusintha kulikonse: mbali yanu yomwe akuiona ikadali yamanja, ya nyali yobiriwira, ndipo pa rada yake mzere wanu wangopendeka pang'ono. Iye aganiza kuti mwagona. Lamulo 8 limakana kukhota pang'onopang'ono kotereku.

M'malo mwake khotani madigiri 60 kumanja nthawi imodzi, muloze pa 060. Sitima ija tsopano ili chakumanzere kwa mphuno yanu, mwaloza kumbuyo kwake. Woyendetsa wake aona nyali zanu zoyera zikutembenuka, ndipo mukayandikirana aona yofiira m'malo mwa yobiriwira, chomwe ndi uthenga wosafuna womasulira. Pakapita mphindi ngati 10 mudzadutsana motalikana mamailosi awiri. Pokhota lizani hutala kamodzi mwachidule, kwa sekondi imodzi, kutanthauza kuti mukukhotera kumanja. Kawiri ndi kumanzere, katatu ndiye kuti injini ikukokera m'mbuyo. Hutala ngakhale wa sitima yaikulu kwambiri amayembekezereka kumveka mamailosi awiri okha, n'chifukwa chake malamulo amalola kuonjezerapo kuphethiritsa nyali yoyera mofanana ndi kulira kwa hutalayo.

Ngati kumanja kuli madzi osaya kapena sitima ina, chepetsani liwiro kwambiri kapena imitsani injini, mnzanuyo adutse. Kumbukirani kuti sitima yolemera siima msanga, ndipo kuchepa kwa liwiro kumachedwa kuoneka kwa winayo. Kukhotera kumanzere kapena kuonjezera moto kuti mudutse kutsogolo ndi juga.

Chachinayi, musafulumire kubwerera panjira yanu. Pitirizani kuyeza. Nambala yapakampasi iyenera kumatsika, 040, 030, mpaka sitimayo itadutsa kumanzere kwanu n'kuyamba kutalikira. Pamenepo bwererani pa 000 pang'onopang'ono, mphuno yanu ikhalebe kumbuyo kwake.

Nanga mukakhala kuti ndinu muli mu sitima inayo? Lamulo 17 likuti sungani njira ndi liwiro lanu, kuti wopatukayo aŵerengere zinthu zosasintha. Komatu kusunga njira si kupinda manja. Yezani pakampasi monga momwe iye akuyenera kuchitira. Mukaona kuti sakupatuka, lizani hutala kasanu kapena kuposa, mwachidule ndi mofulumira, kumuuza kuti simukumvetsa zomwe akuchita. Zikaonekeratu kuti sakuchitapo kanthu, mwaloledwa kudzipulumutsa nokha, koma musakhotere kumanzere komwe iye ali. Chifukwa chake n'chakuti akadzidzimuka mochedwa adzakhotera kumanja monga adaphunzirira, ndipo mudzakumana pakati. Khoterani kumanja kapena chepetsani liwiro. Mukayandikana mpaka poti iye payekha sangathenso kupewa ngozi, kuchitapo kanthu sikukhalanso chilolezo, ndi lamulo.

Wailesi ya VHF musaidalire kwambiri. Usiku, pomwe pali sitima zingapo, wokuyankhaniyo akhoza kukhala wina, ndipo mphindi zomwe mukutaya pofunsana maina n'zomwe mukadakhotera. Ine ndimaona kuti chiwongolero chimalankhula momveka kuposa pakamwa.

Lamulo 15 lili ndi malire ake. Ngati sitima ikukuyandikirani kuchokera kumbuyo, kupitirira madigiri 22.5 kuseri kwa nthiti yanu, komwe usiku imangoona nyali yanu yoyera yakumbuyo, imeneyo ikukupitirirani, ndipo Lamulo 13 likuti ipatuke ndi iyoyo, kaya ili mbali iti. Mukayang'anizana mphuno ndi mphuno, Lamulo 14 likuti nonse mukhotere kumanja. Sitima ya matanga, yomwe ikukoka maukonde, kapena yomwe yafa injini, mumaipatukira ndinu a injini yamoyo, posatengera dzanja. Ndipo zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha mukuonana ndi maso. M'chifunga, mnzanu mukumuona pa rada pokha, palibe wosunga njira: Lamulo 19 likufuna kuti nonse awiri muchitepo kanthu nthawi ikadalipo, ndipo ngati iye ali chakutsogolo kwanu, pewani kukhotera kumanzere.