Malo owala pa chithunzi cha PET: kodi ndi khansa?

Funso: Bambo anga ali ndi khansa ya m'mapapo. Chithunzi chawo cha PET chikuwala m'mutu, m'chikhodzodzo ndi pakati pa chifuwa. Kodi khansayo yafalikira monsemo?

Yankho: Ayi, si kuwala konse komwe kuli khansa. Asanajambulidwe, bambo anu anabayidwa FDG, shuga wotulutsa cheza pang'ono, n'kudikira pafupifupi ola limodzi. Maselo a khansa amadya shuga mwadyera, ndiye amawala. Koma ubongo nawonso umadya shuga wambiri nthawi zonse, ndipo mankhwalawo amatuluka ndi mkodzo. Choncho m'mutu ndi m'chikhodzodzo musade nkhawa namo; ubongo amauyeza ndi MRI.

Pofunika kuonetsetsa ndi pachifuwapo. Ngati kukuwala ndi anabere a pakati pa mapapo, ndipo alidi ndi khansa, nthawi zambiri matendawa amawerengedwa kuti afika pa siteji 3, ndipo opaleshoni yokha siikwanira. Vuto n'lakuti TB komanso kutupa kulikonse kumawalitsanso anaberewo chimodzimodzi. Nambala ya SUV imangonena kuchuluka kwa shuga amene walowa, osati chifukwa chake. Afunseni adokotala ngati atengako kanyama pa anaberewo kukapima asanagamule za siteji.