Katemera wa Chitopa: Mafunso ndi Mayankho

Kodi nkhuku zapakhomo tizipatsa liti katemera wa chitopa?

Katatu pachaka: mu Malichi, mu Julayi ndi mu Novembala. Iyi ndi miyezi imene alangizi a ziweto ku Malawi kuno amayendetsera katemera wotchedwa I-2, wa kadontho kamodzi m'diso. Pakati pake pamakhala miyezi inayi chifukwa chitetezo cha kadonthoko chimayamba kuchepa ikadutsa miyezi imeneyi. Nkhuku yobayitsa, monga ambiri amanenera ngakhale palibe jakisoni, siitetezeka moyo wake wonse.

Pa miyezi itatuyi, ulipo woposa unzake?

Kwa ine, wa Julayi ndiwo wosayenera kuphonya. Chitopa, chimene ena amati chideru, chimavuta kwambiri kukamatentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula itayandikira. Katemera sagwira ntchito tsiku lomwelo. Thupi la nkhuku limafuna sabata imodzi kapena ziwiri kuti lipange chitetezo, ndiye wodikira kumva kuti m'mudzi woyandikana nawo nkhuku zayamba kufa amakhala wachedwa kale. Wa Novembala umakonzekera Khirisimasi, pamene nkhuku zimayenda kwambiri m'misika ndi pa njinga, matenda n'kuyenda nazo limodzi.

Zanga ndinapereka mu Malichi, koma mu Seputembala zafa. Katemerayo anali wabodza?

Tiyeni tiwerenge. Tinene kuti pakhomo panali nkhuku 12 ndipo zonse zinalandira mu Malichi. Mu Meyi mathadzi awiri aswa anapiye 16. Mu Juni mwagula tambala kumsika. Julayi wafika, ndalama zapita kwina, mwadumpha. Pofika Seputembala muli ndi nkhuku 29, koma 17 mwa izo sizinalandirepo kadontho. Anapiye amatengako chitetezo kwa mayi awo kudzera m'dzira, koma chimatha m'masabata ochepa chabe. Zotsala 12 zija zinalandira miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, chitetezo chawo chafooka. Khola lonselo linali pambalambanda, ndipo katemera wa Malichi alibe mlandu.

Nchifukwa chake pa tsiku la katemera sitisankha. Mwanapiye wa tsiku limodzi, msoti, thadzi lofungatira, tambala, zonse zimalandira kadontho kamodzi kofanana. Nkhuku yogula kapena yopatsidwa muziyisunga payokha masabata awiri isanasakanikirane ndi zinzake.

Nanga zikayamba kale kudwala?

Musapereke. Katemera amateteza, sachiza, ndipo chitopa chilibe mankhwala chifukwa chimayamba ndi vayirasi. Makapisozi a anthu amene ena amasungunulira m'madzi sapha vayirasi. Nkhuku yomwe yatenga kale matendawa ikhoza kufabe, ndipo anthu adzati yaphedwa ndi katemera. Choopsa china n'chakuti woperekayo akagwira nkhuku zodwala, amanyamula matenda m'manja ndi m'nsapato kupita nawo khomo lina.

Zizindikiro zake sizisowa: nkhuku imazyolika, mapiko kugwa ngati yavala jekete, kutsegula m'mimba zobiriwira, kupuma mobanika, zina kupindika khosi. Zimafa zambiri m'masiku ochepa. Zakufazo zikwirireni mozama kapena kuzitentha, ndipo zodwala musathamangire nazo kumsika.

Tsiku lopereka tikonzeke bwanji?

Nkhuku zisatsegulidwe m'mawa. Zogona m'mitengo zigwidwe usiku wake, chifukwa kuthamangitsa nkhuku masana ndi ntchito yotaya nthawi ndipo zina zimatsala. Perekani m'mawa, pamthunzi. Mmodzi agwire nkhuku, mutu utapendekeka, wina aimike botolo chozondoka n'kudontheza m'diso limodzi, nsonga yake osakhudza diso. Musaitaye msanga: dikirani iphethire, dontho lilowe. Likagwera pambali, bwerezani. Yolandira ikhale kwina kuti musasokoneze. Nyama ndi mazira zimadyedwa bwinobwino pambuyo pake.

Amati I-2 sawopa kutentha. Ndiye tingamusunge m'nyumba?

Apa ambiri amalakwitsa. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, koma ali ndi malire, pakuti muli vayirasi wamoyo wofooka amene dzuwa limapha. Malo ake ndi m'filiji, osati mopangira ayezi. Paulendo, kulungani botolo m'kansalu konyowa n'kuliika m'dengu lolowa mphepo. Onani tsiku lothera ntchito lolembedwa pabotolo, ndipo mukatsegula limalizeni m'masiku amene wopanga walemba. Botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, choncho ndi bwino mudzi upangane tsiku limodzi. Nkhuku zathu zimadyera pamodzi kudzala, ndipo khomo lotsalira ndilo polowera matenda.

Kodi zikalandira, sizidzadwalanso?

I-2 amateteza chitopa chokha. Nthomba ya nkhuku, utitiri ndi nyongolotsi zili ndi njira zake. Ngati zikufa mutatsata miyezi yonse itatu, itanani mlangizi wa ziweto aone ngati ndi matenda ena, ndipo mumuuze mmene botolo linasungidwira.