Mafunso ndi Mayankho: Odumpha ndi Obwereza Vidiyo Yaifupi

Kodi manambala awiriwa amayeza chiyani?

Vidiyo yaifupi yoimirira, ya pa TikTok, YouTube Shorts kapena Reels ya Facebook ndi Instagram, munthu sachita kuisankha. Imangomubwerera pafoni n'kuyamba kusewera yokha, ndipo iye amangotsala ndi zinthu ziwiri zoti achite: kukhala n'kuonera, kapena kuikankha ndi chala kuti ibwere ina. Chiwerengero cha odumpha ndicho gawo la anthu amene anaikankha isanapite patali. Mu YouTube Studio mudzachipeza pa mawu akuti "Swiped away". Chiwerengero cha obwereza chimachokera kumapeto, chifukwa vidiyo ikatha imayambiranso yokha, ndipo ena amailola kuzungulira kawiri kapena katatu. Kawirikawiri ichi sichilembedwa poyera, mumachita kuchiwerengera nokha kuchokera pa "Average percentage viewed" ya YouTube, kapena pogawa "Average watch time" ya TikTok ndi kutalika kwa vidiyoyo. Zotsatira zikaposa 100 peresenti, ndiye kuti ena anaonera mobwereza. Mfundo yaikulu ndi yakuti manambala awiriwa salemera mofanana. Ya odumpha ndiyo yoyamba kuwerenga, chifukwa imanena za anthu onse amene vidiyo inawafikira, pomwe ya obwereza imangonena za amene anatsala.

Nanga masekondi oyambawo amalakwika bwanji?

Tiyerekeze mnyamata wa ku Bandawe amene wajambula malipenga, gule amene Atonga a m'mbali mwa nyanja ku Chintheche amadziwika naye. Guleyu sayamba mwaphuma. Ovina amalowa m'bwalo pamzere ngati asilikali, ng'oma ikugunda pang'onopang'ono, ndipo pamapita nthawi malipenga a zikho aja asanalire mokoma ndiponso mapazi asanagwirizane. Wojambula, potsata ulemu umene anakula nawo, amayamba ndi kulonjera, kutchula dzina lake ndi la mudzi, kenako n'kutembenuza foni kuloza kubwalo. Pofika apo masekondi 5 atha, ndipo amene ali ku Mzuzu kapena ku Joni waona nkhope ya munthu wosamudziwa ndi mchenga basi. Sanakane gule ayi, sanamuone n'komwe.

Tinene kuti vidiyoyo ndi ya masekondi 20 ndipo yafikira anthu 1,000. Mwa iwo 700 adumpha, 300 akhala. Tsopano mnyamata uja adule malonje onse, ayambire pomwe mwendo wa wovina wakutsogolo wakwera m'mwamba, yunifolomu yoyera yadzaza foni yonse, lipenga likulira kale, ndipo mawu oti "Malipenga ku Bandawe" alembedwe pa chithunzi choyambacho. Ngati odumpha atsika kufika pa 450, sikuti gule wasintha. Chasintha ndi chimene diso ndi khutu zinalandira pa sekondi yoyamba. N'chifukwa chake nambala imeneyi tiyenera kuiwerenga ngati chigamulo cha chithunzi choyamba, phokoso loyamba ndi mawu oyamba olembedwa, osati cha vidiyo yonse.

Koma ngati vidiyo yafika 100 peresenti, si ndiye kuti onse anaimaliza?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amanamizika. Nambalayo ndi yapakatikati, choncho imabisa kusiyana kwa anthu. Tengani anthu 100 mwa amene anakhala pa vidiyo ya masekondi 20 ija. Anthu 20, mwina abale a ovinawo amene akufunafuna nkhope ya mlongo wawo pamzere, aionera katatu: aliyense masekondi 60, onse pamodzi 1,200. Otsala 80 achoka pakati, pa sekondi ya 10, onse pamodzi 800. Kuphatikiza ndi masekondi 2,000, ndipo kugawa kwa anthu 100 tipeza 20 pa munthu aliyense, yomwe ndi 100 peresenti yeniyeni. Komatu anthu 80 sanafike kumapeto. Kuti muzindikire zoterezi, yang'anani mzere wosonyeza m'mene oonera amachepera sekondi ndi sekondi. Ukagwa mwadzidzidzi pamalo amodzi, pitani pa sekondi imeneyo mukaone chimene chinachitika: kaya foni inagwedezeka, kaya mphepo yapanyanja inaphimba ng'oma.

Kubwereza kulinso ndi zifukwa zosasangalatsa. Munthu amabwereza chifukwa mawu olembedwa anazimiririka asanawawerenge, kapena wasiya foni pamkeka n'kupita kukavundula kondowole, vidiyo ikungozungulira yokha. Ndipo vidiyo ya masekondi 7 imaposa 100 peresenti mosavuta kusiyana ndi ya masekondi 50, kotero kuyerekeza ziwirizo n'kudzinamiza. Yerekezani mavidiyo ofanana kutalika.

Ndiye kubwereza sikunena kalikonse za chiyambi?

Kumanena, koma modzera kwina. Amene wafika kumapeto amakumananso ndi sekondi yoyamba, ndipo amaiweruza kachiwiri. Ngati vidiyo itha ndi "zikomo poonera" kenako n'kubwerera ku malonje, aliyense amadziwa kuti yatha ndipo amakankha. Koma malipenga ali ndi mwayi wachibadwa: ng'oma imabwerera pomwe inayambira. Mukadula pa kugunda komweko kumene munayambira, mwendo uli m'mwamba chimodzimodzi, mapeto ndi chiyambi zimalumikizana, ndipo woonera amalowa ulendo wachiwiri asanazindikire. Chizindikiro chake n'chakuti mzere uja umakhala wokwera kwambiri pa masekondi oyamba. Ena amati uku n'kupusitsa anthu, ndipo mawuwo ali ndi nzeru. Njira yodziwira ndi kuona ngati kubwereza kwabwera pamodzi ndi kutumizirana, ndemanga ndi otsatira atsopano. Kukakwera kokha, mwangokola anthu kwa masekondi ochepa, simunawakope.

Kodi netiweki yovuta siingawononge manambalawa?

Ingathe, ndipo chodandaula ichi n'chomveka. Netiweki ya Airtel kapena TNM ikafooka, vidiyo imaima isanayambe bwino ndipo munthu amaikankha osati chifukwa choida. Winanso amadumpha posunga bandulo. Pali ndi amene amaitsitsa n'kuitumiza pa WhatsApp, komwe ingaonedwe kambirimbiri popanda kuwerengedwa. Kuwonjezera apo, vidiyo ikayamba kufikira anthu akunja osadziwa Chitonga kapena Chichewa, odumpha amachuluka ngakhale kuti ikuyenda bwino. Zonsezi zikutiuza kuti tisathamangire nambala imodzi yoti ndiyo yabwino kwa aliyense. Koma sizichotsa phindu la kuyeza, chifukwa netiweki yomweyo ndi oonera omwewo amakhudza mavidiyo anu onse. Ngati mwa mavidiyo 10 amene mwaika, oyamba ndi malonje amadumphidwa kwambiri nthawi zonse kuposa oyamba ndi kuvina, vuto silili pa nsanja ya foni. Musagamulenso ndi anthu 40 okha a tsiku loyamba, amene ambiri ndi anzanu.

Bwanji osangoyang'ana chiwerengero cha amene aonera?

Chifukwa tanthauzo lake linasintha. Kuyambira pa 31 Malichi 2025, YouTube imawerenga Shorts kuti yaonedwa ikangoyamba kusewera kapena kuyambiranso, popanda kudikira sekondi iliyonse. Ndiye kuti amene anadumpha nthawi yomweyo ndi amene anabwereza katatu onse amakweza nambala imodzimodziyo. Kawerengedwe kakale kanatsala pa dzina lakuti "Engaged views", ndipo ndiko kamagwiritsidwa ntchito pa nkhani ya malipiro. Mukayerekeza vidiyo ya 2024 ndi ya lero, gwiritsani ntchito nambala imeneyo, apo ayi mudzaganiza kuti mwakula pomwe changosintha ndi kawerengedwe.