Mchere unatha, nanga sopo analakwanji?

FUNSO

Ndine wophunzira wa Fomu 4 ndipo ndimakhala kwa Kande, m'boma la Nkhata Bay. Kunyumba timalankhula Chitonga, Chichewa ndachidziwira kusukulu, pa wailesi ndi kumsika. Pa mayeso oyeserera a MSCE aphunzitsi anandichonga cholakwa pa ziganizo zitatu izi: "Sopo unatha dzulo", "Mfumu anaitanitsa msonkhano wa asodzi" ndi "Dengu la usipa unatayika". Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti tonse timati "mchere watha" komanso "sopo watha". Ngati "mchere unatha" n'cholondola, sopo walakwanji? Nanga mfumu si munthu kodi? Ndithandizeni njira yodziwira phatikizo loyenera kuyamba mneni, chifukwa kuloweza magulu a mayina kokha sikukundithandiza.

Wophunzira, kwa Kande

YANKHO LA MPHUNZITSI WA CHICHEWA

Wophunzirayu ali ndi khutu lakuthwa, ndipo pomwe wakhumudwa amakhumudwapo anthu ambiri. Phatikizo lomwe akufunsali m'kalasi limatchedwa mgwirizanitsi wa mwininkhani. Ndi kachidutswa koyamba ka mneni komwe kamaloza dzina lomwe likuchita ntchitoyo: "a-" mu "mwana akulira", "chi-" mu "chimanga chikucha", "zi-" mu "mbuzi zikudya". Kachidutswaka sikasankhidwa poyang'ana tanthauzo la dzina, kapena malembo omwe dzinalo layamba nawo. Kamatsata gulu la dzinalo, ndipo gulu limadziwika poliyesa dzina ndi mawu ena.

Nkhani ya sopo ndi mchere ndiyo yabwino kuyambira. Ziganizo ziwiri zija, "mchere watha" ndi "sopo watha", zikumveka ngati mapasa, koma "wa-" wa mchitidwe wongochitika kumene amabisa magulu atatu pamalo amodzi. Gulu la Mu-A limati "msodzi wafika", la Mu-Mi limati "mtengo wagwa", la U-Ma limati "ukonde wang'ambika". Kungosuntha nthawi, gulu la Mu-A limasiyana poyera ndi awiri enawo: msodzi akufika, mtengo ukugwa, ukonde ukung'ambika. Choncho munthu amene wamva dzina m'chiganizo cha "wa-" chokha sanalidziwebe gulu lake.

Njira yachidule yoyesera ndi kuloza chinthucho ndi chala. Mayi amene akugula zinthu pa golosale ya m'mbali mwa msewu wa M5 amati "mchere uwu" koma "sopo uyu". Palibe amamuphunzitsa, pakamwa pamangotuluka choncho. Dzina lililonse lovomera "uyu" lili m'gulu limodzi ndi munthu, mwana ndi msodzi, ngakhale likhale lopanda moyo, ndipo mneni wake amayamba ndi "a-". N'chifukwa chake pamanenedwa kuti sopo anatha, fodya akuuma m'chigafa, katundu akulemera, anyezi anakwera mtengo. Dzina lovomera "uwu" limatenga "u-": mchere unatha, mpunga ukupsa, ufa unanyowa. Chiganizo choyamba cha wophunzirayu chinayenera kukhala "Sopo anatha dzulo".

Kuloza kumeneku kumagwira ntchito pa magulu onse, chifukwa phatikizo lomaliza la mawu olozerawo kawirikawiri ndilo mgwirizanitsi amene akufunidwa. "Dengu ili" likupereka "li-", "chitseko ichi" chikupereka "chi-", "zitseko izi" zikupereka "zi-", "kamwana aka" kakupereka "ka-", "tiana iti" tikupereka "ti-". Pa "iyi" ndi "uwu" pamangochoka "y" ndi "w", n'kutsala "i-" ndi "u-". Pa "awa" pamatsala "a-". Ndi "uyu" yekha amene ayenera kulowezedwa padera, kuti mnzake ndi "a-".

Ubwino wa njirayi umaoneka pa mayina onyenga maso, ndipo kugombe kwa Kande alipo ambiri. Chambo ndi chilimira, ukonde waukulu uja wogwirira usipa ndi utaka, n'za gulu la Chi-Zi: chambo chikusowa, chilimira chinang'ambika. Koma chule, amene dzina lake layambanso ndi "ch", ndi "chule uyu", ambiri ndi achule, ndipo chule akulira. Mayina oyamba ndi "ka" ndiwo amasocheretsa kwambiri. Kamwana kakugona chifukwa "ka" wake ndi wochepetsa, ndipo akachotsedwa pamatsala dzina lathunthu, mwana. Kampango si choncho: ndi "kampango uyu", ndipo kampango anakodwa pa mbedza monga momwe kalulu anakodwa pa msampha. Kalata nayo ili kwina: "kalata iyi", kalata inafika. Mayina anayi oyamba mofanana, kamwana, kampango, kalulu ndi kalata, agawikana m'magulu atatu.

Tsono mfumu. Wophunzirayu akunena zoona kuti mfumu ndi munthu, koma Chichewa sichisamutsira dzina m'gulu la Mu-A chifukwa choti likunena za munthu. Pamanenedwa "mfumu iyi", "mfumu yathu", choncho mfumu inaitanitsa msonkhano. N'chimodzimodzi mbava inathawa, nduna ikulankhula, mboni yakana, nkhalamba ikudwala, chitsiru chikuseka, khanda likuyamwa. Onsewa ndi anthu, koma aliyense akuyenda ndi mgwirizanitsi wa gulu la dzina lake. Mfumu ili ndi chachilendo china: ikakhala imodzi imatsata gulu la I-Zi, koma ambiri ndi mafumu, ndipo mafumu anaitanitsa.

Chikhalirecho "anaitanitsa" uja sanachokere kutali. Anthu akafuna kupereka ulemu amaika "a" kutsogolo kwa dzina, n'kunena kuti "amfumu anaitanitsa msonkhano", ndipo chiganizo chimenecho n'cholondola bwinobwino. Cholakwa cha wophunzirayu chinali kuphatikiza theka la njira imodzi ndi theka la inzake. Asankhe imodzi: mfumu inaitanitsa, kapena amfumu anaitanitsa. Nkhani ikapitirira, m'ziganizo zotsatira olemba ambiri amasintha n'kumati "iwo anati", ndipo zimenezo sizilakwika malinga ngati dzina lakuti mfumu silinayandikane ndi mneniyo m'chiganizo chimodzi.

Chiganizo chachitatu chili ndi vuto la mtundu wina. Mayina alipo awiri, dengu ndi usipa, ndipo khutu linathamangira dzina lomwe lili pafupi ndi mneni. Koma mwininkhani ndi dengu, ndipo mawu akuti "la usipa" akungofotokoza kuti ndi dengu lotani. Njira yoyesera ndi kuphimba ndi chala mawu onse oyambira pa "la", "wa", "cha", "ya" kapena "za", n'kuwerenga zotsala. "Dengu unatayika" sichimveka kwa aliyense, pomwe "Dengu linatayika" chikumveka. Ndiye kuti dengu la usipa linatayika, gulu la asodzi linapita usiku, thandala la usipa linagwa, mtengo wa nsomba unakwera. Ngati chomwe chinatayikira mumchenga ndi nsombazo, chiganizo chitembenuzidwe kuti usipa ukhale patsogolo: usipa wa m'dengu unatayika.

Nanga mayina awiri akalumikizidwa ndi "ndi"? Akakhala anthu onse, mgwirizanitsi ndi "a-": msodzi ndi mwana wake akusoka ukonde. Zikakhala zinthu za magulu osiyana, Chichewa chimathawira kwa "zi-", ngati kuti mawu akuti zinthu abisala m'chiganizomo: ukonde ndi nyali zili m'bwato, mpeni ndi dengu zinasowa. Povuta ndi pamene munthu waphatikizidwa ndi chinthu kapena chiweto. "Msodzi ndi nyali" savomera bwino "a-" kapena "zi-", ndipo olankhula amangolambalala n'kunena kuti msodzi anagwera m'madzi pamodzi ndi nyali yake. Nkhani ya mayina olumikizidwayi anaifufuza Al Mtenje ndi Greville Corbett m'nkhani yomwe anasindikiza mu 1987, ndipo anaonetsa kuti zilipodi ziganizo zina zomwe mgwirizanitsi aliyense sakhalamo bwino. Wolemba mayeso asalimbane nazo, angozimanga mwa njira ina.

Pali dzina limodzi la kunyanja lomwe wophunzirayu adzalimva pawiri, ndilo bwato. Ena amati bwato unamira, ena bwato linamira. Njira yoyambayo ikutsata chiyambi cha dzinali, chomwe ndi gulu la U-Ma monga uta ndi ulendo. Yachiwiri n'njosadabwitsa, poti mabwato akumveka ngati maboti ndi madengu, omwe akakhala amodzi ali m'gulu la Li-Ma. Cholakwa chomwe wochonga sangachikhululukire ndi kusakaniza, monga "bwato langa unamira". Amene wayamba ndi "wanga" amalize ndi "u-", amene wayamba ndi "langa" amalize ndi "li-".

Mayina a malo nawo amatha kukhala mwininkhani, ndipo apa mneni amatsata "pa", "ku" kapena "mu" osati dzina lomwe lili mkati. Nyanja yalusa, koma kunyanja kwalusa ndipo m'nyanja muli mwera. Gombe ladzaza, koma pagombe padzaza anthu. Kuchilumba kukuoneka mabwato awiri. Ngakhale anthu kapena mabwato atchulidwe pambuyo, mgwirizanitsi amakhalabe wa malowo.

Chitonga chomwe wophunzirayu anayamwira ndi chuma pa nkhaniyi, chifukwa nachonso chili ndi magulu a mayina oyenda mofanana ndi a Chichewa. Pofunika kuchenjera ndi pa gulu la Chi-Zi. Chitonga, monga Chitumbuka ndi Chinyanja cha ku Lusaka, chimati vinthu ndipo mneni amayamba ndi "vi-", pomwe mayina a gulu la nsomba ndi mbuzi amatenga "zi-". Chichewa cholembedwa, chomwe chakhala chikuphunzitsidwa m'sukulu za dziko lonse chichokereni 1968, chinaphatikiza awiriwo kukhala "zi-" mmodzi: zinthu zikuyenda, nsomba zikuola. "Vi-" aliyense amene wazembera m'chimangirizo cha Chichewa amachotsetsa malikisi.

Kuyesa ndi "uyu" kuli ndi malire ake. Kumadalira khutu lomwe linalimvapo dzinalo kwa eni chilankhulo, ndipo pa dzina lachilendo khutu likhoza kunama. Mayina obwereka sagwera m'gulu limodzi: sukulu ndi foni zimati "iyi", buku ndi botolo zimati "ili", sopo ndi shuga zimati "uyu". Zikatero ndi bwino kufunsa kuchuluka kwa dzinalo, kumvetsera momwe owerenga nkhani pa wailesi akulitchulira, kapena kutsegula Mtanthauziramawu wa Chinyanja womwe anakonza a Centre for Language Studies ku Zomba.

Ziganizo zitatu zija zikakonzedwa zikhala motere: sopo anatha dzulo, mfumu inaitanitsa msonkhano wa asodzi, dengu la usipa linatayika. Aphunzitsi sanalakwitse kuchonga. Mayeso asanafike, wophunzirayu atenge mayina makumi awiri a zinthu zomwe amaziona pakati pa kunyumba ndi kugombe, alembe mawu olozera pambali pa lililonse, kenako alipangire chiganizo cha "-ku-" osati cha "wa-", n'kukapereka pepalalo kwa aphunzitsi a Chichewa kuti alione.