Yezani Dzenje Musanaloŵe M'nyengo ya Mvula

Ana anga a kuno ku Makwasa, inu amene simulembedwa pa buku la malipiro a esiteti koma mumadya za manja anu, ojambula zithunzi, amisiri a magetsi, osoka ndi okonza mafoni, ndikufuna tiŵerenge limodzi ndalama imodzi yokha: ya padzidzidzi. Ndajambula maukwati ndi zinkhoswe zaka zambiri m'midzi yozungulira minda ya tiyiyi, ndipo chimene chinandipititsa kwa akatapila chinali kusadziŵa kukula kwa dzenje limene limandidikira Januwale aliyense.

Wothyola tiyi amadziŵa kuti tsamba limachuluka mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha m'Epulo, ndipo chilimwe ntchito imachepa. Kwa wojambula zinthu zimayenda mosemphana: maukwati amachuluka anthu akakolola, ndipo amazilala nthaŵi imene chimanga chakwera mtengo. Ntchito iliyonse ili ndi nyengo yake ya njala, choncho kuŵerenga kwanu kutenge miyezi yonse 12 yapitayi. Miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ingakusonyezeni chilimwe chokha.

Yambani ndi kope. Tsegulani mauthenga a Mpamba ndi Airtel Money, onani malisiti, kumbukirani ndalama zolandira pamanja, ndipo lembani mwezi ndi mwezi. Lembani zotsala mutachotsa zimene ntchitoyo inadya: thiransipoti, kutsukitsa zithunzi, malipiro a mnyamata wokuthandizani. Ndalama ilembedwe m'mwezi umene inafika m'manja. Ya kasitomala amene akunenabe kuti mawa musailembe n'komwe, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati munapeza ntchito imodzi yaikulu imene siidzabweranso, iikeni pambali, chifukwa ingakunamizeni kuti ndinu olemera.

Tiyerekeze mtsikana wojambula amene kope lake likuonetsa motere. Januwale anatsala ndi K90,000, Febuluwale K60,000, Malichi K80,000, Epulo K150,000. Meyi zinayamba kusintha, K200,000, Juni K240,000, Julayi K300,000. Kenaka inafika miyezi ya maukwati: Ogasiti K420,000, Seputembala K330,000, Okutobala K380,000, Novembala K250,000, Disembala K500,000. Zonse pamodzi ndi K3,000,000. Mukagaŵa ndi 12 mupeza K250,000 pamwezi.

Ambiri amaimira pamenepa nasangalala. Komatu K250,000 yeniyeniyo anaigwira mwezi umodzi wokha pa chaka chonse. Mwininyumba akabwera m'Febuluwale adzapeza K60,000. Nambala yogaŵayo ili ndi ntchito imodzi: kukuuzani ngati ntchito yanu ikukudyetsani pa chaka. Siingakuuzeni kuchuluka kwa zoti musunge.

Tsopano lembani nambala yachiŵiri, ya zinthu zimene simungakhale popanda izo mwezi ukavuta. Mtsikana wathuyu amalipira lendi K40,000, chakudya K100,000, makala ndi magetsi K25,000, mayunitsi a foni imene makasitomala amamuimbira K15,000, sopo, mankhwala ndi maulendo ang'onoang'ono K20,000. Zonse ndi K200,000. Nsapato zatsopano siziloŵa muno. Koma ngati pali mayi kumudzi amene mumaŵatumizira mwezi uliwonse, kapena fizi ya mng'ono wanu, ilembeni, chifukwa mudzaipereka ndithu ngakhale muli pamavuto. Ndipo lembani mitengo ya lero ya pamsika, koma chakudya muchiŵerengere pa mtengo wa Febuluwale.

Mukatero, ikani nambala ziŵirizi pamodzi mwezi ndi mwezi, muone pamene zoloŵa zikuchepera zofunika. Januwale akupereŵera K110,000, Febuluwale K140,000, Malichi K120,000, Epulo K50,000. Miyezi inayi yatsatana, palibe wabwino pakati woti apumirepo, choncho tiiphatikiza: K420,000. Limeneli ndiye dzenje. Zindikirani kuti si ngozi ayi, pakuti limabwera chaka chilichonse pa nthaŵi yake. Amene wasunga K420,000 nanena kuti ali ndi ndalama ya padzidzidzi, wangosunga chakudya cha miyezi ya mvula.

Ya padzidzidzi yeniyeni imakhala pamwamba pa dzenje. Dzifunseni: nditathyoka mwendo pa njinga yamoto n'kugonekedwa ku Malamulo, ndingakhale miyezi ingati osagwira ntchito? Wolembedwa ntchito ali ndi tchuthi cha odwala, inu mulibe. Ine ndimaŵerengera miyezi iŵiri kwa amene sanakwatire, itatu kwa amene ali ndi ana kapena amene ntchito zake zambiri zimachokera kwa kasitomala mmodzi. Kwa mtsikanayu miyezi iŵiri ndi K400,000. Onjezaniponso mtengo wodzutsira chipangizo chimene chikafa ntchito yaima. Tinene kuti kukonzetsa kamera ku Blantyre, pamodzi ndi ulendo wake, ndi K180,000. Tikaphatikiza K420,000, K400,000 ndi K180,000 tipeza K1,000,000.

Musachite mantha ndi nambalayi, kope lomwe lija likusonyeza kumene ichokere. Kuyambira Juni mpaka Disembala, zotsala pamwamba pa K200,000 zikukwana K1,020,000. Akamasunga K3 pa K4 iliyonse yotsalayo, apeza K765,000 pa chaka. Dzenje lidya K420,000, patsala K345,000. Pakutha zaka ziŵiri K580,000 ya ngozi yakwanira. Akamasunga theka lokha, pa chaka pazitsala K90,000, ndipo zimutengera zaka zoposa zisanu ndi chimodzi. Choncho zonse zimaweruzidwa m'Ogasiti ndi m'Disembala, tsiku limene ndalama yaikulu yaloŵa m'foni. Chotsani gawo losunga tsiku lomwelo.

Ngati mwaŵerenga n'kupeza kuti zopeza za chaka chonse n'zochepa kuposa zofunika za miyezi 12, kusunga sikungakupulumutseni. Pamenepo kwezani mtengo wa ntchito, kapena pezani ina ya miyezi ya mvula, imene kuno ndi nthaŵi yomwe minda ya tiyi imafuna manja ambiri.

Kosungira nako n'kofunika. Banki m'khonde ndi yabwino pa ndalama ya dzenje ngati gulu lanu limagaŵana m'Disembala, chifukwa imatuluka njala isanafike. Koma siiyenera ndalama ya ngozi: mukadwala m'Julayi mudzabwereka ndalama yanu yomwe pa chiwongoladzanja, ndipo mwina mudzapeza anzanu abwereka kale. Ya ngozi igaŵeni paŵiri, pang'ono m'foni kuti muitenge usiku womwewo, yambiri ku banki kumene simupitako tsiku ndi tsiku. Kumbukirani Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakantha kuno kummwera, magetsi atazima ndi misewu itaduka: amene anali ndi kandalama kapamanja ndiwo anagula ufa. Choncho ya sabata imodzi ikhale m'nyumba.

Kwacha nayo imasungunuka. Mu Novembala 2023 inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse, ndipo mitengo inatsatira. N'chifukwa chake gawo la chakudya la m'dzenje ndimalisandutsa matumba a chimanga m'Meyi kapena m'Juni, n'kuthira mankhwala a anankafumbwe. Ndipo miyezi itatu iliyonse ndimabwerera ku kope, kuonjeza miyezi yatsopano, kufufuta yakale, ndi kulembanso mitengo.

Mudzadziŵa kuti munalakwitsa masamu ngati mwayamba kutapa ya ngozi Malichi asanathe popanda wodwala kapena chipangizo chofa. Zikatero dzenje munaliyeza mopereŵera, kaŵirikaŵiri chifukwa munaiŵala zopereka pamaliro kapena feteleza wa kumunda. Lembani choiŵalikacho mwezi womwewo, kuti Disembala akudzayo adzakupezeni mukudziŵa ndalama yeniyeni yoti muike pambali.